Funso la madzulo ndi tcheni cha masiku: mafunso ndi mayankho

Pagulu lathu la pa WhatsApp la Amalawi okhala ku Joni kuno, 8 koloko madzulo ikakwana aliyense amayankha funso limodzi lomwe anadzisankhira yekha: inde kapena ayi. Aliyense wolowa kumene amafunsa zomwe anzake anafunsa kale, ndiye ndaona kuti ndingozilemba pamodzi. Yambirani pamwamba, chifukwa mayankho apansi akutsamira pa oyambirira.

Kodi funso la madzulo n'chiyani, nanga tcheni n'chiyani?

Mumasankha chinthu chimodzi chomwe mukufuna chisanduke chizolowezi, n'kuchisandutsa funso. Tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, mumadzifunsa funsolo n'kulemba yankho. Masiku otsatizana omwe mwayankha kuti inde ndi omwe timawatcha tcheni. Mukayankha inde Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, tcheni chanu chili pa 3. Mukayankha ayi Lachinayi, chaduka, chabwerera pa 0.

Kuwerengako kulibe vuto. Vuto limabwera ndi zomwe munthu amadziuza akaona 0 uja, ndipo mayankho ambiri m'munsimu akukamba za chimenecho.

Bwanji inde kapena ayi basi? Si bwino kulemba zonse zomwe ndachita?

Ganizirani nthawi yomwe funsoli limakupezani. Mwaweruka ku Randburg, mwaima pamzere wa teksi pa Bree, mwafika kunyumba kutada, ana akufuna nsima. Ngati yankho likufuna kuti mukhale pansi n'kufotokoza, mudzalemba masiku anayi oyamba, lachisanu mudzati mawa. Inde kapena ayi mumayankha ndi chala chimodzi madzi akuwira pa sitovu.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti funso lotere silipereka mpata wokambirana ndi mtima. Mukadzifunsa kuti "lero ndayesetsa bwanji?", tsiku lomwe mwakhumudwa mudzadzipatsa malikisi otsika ngakhale mwachita bwino, tsiku la malipiro mudzadzikweza. Koma "kodi ndayenda mphindi 10?" yankho lake silisintha ndi mmene mwadzukira.

Funso labwino limalembedwa bwanji?

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ndipo tcheni chikamadukaduka kawirikawiri wolakwa ndi funso, osati munthu.

Funso labwino ndi lomwe munthu wina atakhala nanu tsiku lonse angathe kukuyankhirani osakufunsani maganizo. "Kodi ndasamala ndalama lero?" si funso, palibe angayankhe. "Kodi ndaika R10 m'chitini?" limayankhika: R10 ili m'chitini kapena mulibe. "Kodi ndadya bwino?" lisanduke "Kodi pa chakudya chamadzulo panali ndiwo zamasamba?"

Kenako muyese funsolo ndi tsiku lanu loipitsitsa, osati labwino. Tsiku lomwe abwana akuchedwetsani, mvula ya mabingu ya mu Disembala yakunyowetsani, magetsi azima, kodi mungathebe? Ngati simungathe, chepetsani mpaka zitheke. Mchemwali wina ankafuna kuwerenga mitu itatu ya Baibulo tsiku lililonse, pomwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton ndipo amachoka ku Diepsloot kusanache. Tinamuuza kuti funso likhale la mavesi asanu. Tsiku lomwe ali ndi mpata amawerenga mitu itatu ija, palibe amamuletsa, koma inde wake amamupeza pa mavesi asanu.

Chomaliza, mangirirani chinthucho pa china chomwe mumachita kale. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti munthu amene wanenetsa nthawi ndi malo, kuti "ndikachita chakuti, ndidzachita chakuti", amakwaniritsa kwambiri kuposa amene wangoti "ndidzachita". Ndiye musangoti ndiziwerenga. Nenani kuti ndikangokhala pansi mu teksi yobwerera, nditsegula buku.

Ndiyambe ndi mafunso angati?

Limodzi. Mukaliyankha mwezi wathunthu osalemedwa nalo, onjezani lachiwiri. Omwe amabwera ndi asanu ndi limodzi pa 1 Januwale, pofika Febuluwale sitiwamvanso.

Ndajomba dzulo, tcheni chaduka. Ndiye zonse zapita m'madzi?

Ayi. Chomwe chabwerera pa 0 ndi nambala ya papepala, osati zomwe thupi ndi mutu wanu zaphunzira. Mu 2009, Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatulutsa zomwe anapeza atatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense akuyesa chizolowezi chimodzi chatsopano monga kumwa madzi pa nkhomaliro kapena kuthamanga. Anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni kukhazikika kwa chizolowezicho. Makolo anali atanena kale kuti tsiku limodzi siliwoza mbewa.

Masamu nawonso akuikirani kumbuyo. Tiyerekeze munthu wolimbikira, amene pa masiku 10 aliwonse amakwanitsa 9. Mwayi woti munthu ameneyu afike masiku 30 otsatizana osaphonya ndi pafupifupi 4 pa 100 basi. Ndiye kuti pa anthu 100 olimbikira chonchi, pafupifupi 96 tcheni chawo chidzaduka mwezi usanathe. Kuduka ndiye chinthu choyembekezeka. Njira yowerengera yomwe imakuonetsani ngati wolephera pa chinthu chomwe pafupifupi aliyense chimamuchitikira ndiyo yolakwika.

Choopsa chenicheni chimabwera mawa lake. Munthu akaona 0 amati, "basi zawonongeka kale, ndidzayambanso Lolemba", Lolemba lija n'kukhala pa 1 mwezi wamawa. Ofufuza za kadyedwe, Janet Polivy ndi Peter Herman, anaona khalidwe lomweli mwa anthu odziletsa zakudya: akangolawa choletsedwa kamodzi, amadya mopyola muyeso poti lamulo lasweka kale. N'chifukwa chake pagulu pathu sitilabadira ayi woyamba. Amene timamuyang'anira ndi wachiwiri wotsatizana.

Ndiye ndiziwerenga bwanji kuti ndisamadziimbe mlandu?

Sungani manambala atatu m'malo mwa imodzi: tcheni cha lero, tcheni chachitali chomwe munafikapo, ndi kuchuluka kwa ma inde m'masiku 30 apitawa. Yoyamba imagwa n'kudzuka. Yachiwiri siitsika. Yachitatu ndiyo imanena zoona za mwezi wanu, ndipo ndiyo muziiyang'ana poyamba.

Ndikuonetseni ndi achimwene ena a ku Cosmo City omwe amagwira ntchito ya m'gadeni ndipo ankakonzekera mayeso a malamulo a pamsewu, a K53 aja. Funso lawo linali lakuti, "Kodi lero ndayankha mafunso asanu a m'buku?" Mwezi unali wa Juni, wa masiku 30, kuzizira kwa ku Joni kuli pachimake.

Kuyambira pa 1 mpaka pa 11 anayankha inde tsiku lililonse, tcheni chinafika pa 11. Pa 12 anagona buku lili pachifuwa: ayi. Pa 13 anayambiranso, inde mpaka pa 18, tcheni pa 6. Pa 19 ndi pa 20 anali kumaliro a mnzathu, kuthamanga ndi zopereka zoti thupi lipite kumudzi, ndipo masiku awiriwa anawalemba ngati opuma (onani funso lotsatira). Pa 21 anapitiriza, pofika pa 24 tcheni chinali pa 10. Pa 25 ndi pa 26 ayi, ayi. Kuyambira pa 27 mpaka pa 30 inde.

Pa 30 madzulo analemba pagulu kuti, "Amalume, ine zandikanika, mwezi wonse ndili pa 4." Ndinawapempha kuti awerenge ma inde okha. Anapeza 25, ma ayi atatu, masiku opuma awiri. Pa masiku 28 omwe funso linali kugwira ntchito, anakwanitsa 25, kutanthauza mafunso osachepera 125 a K53 omwe mu Meyi sanawakhudze n'komwe. Nambala 4 ija sinali bodza, koma inkangonena za masiku anayi omaliza.

Tinayang'ananso ma ayi atatu aja, osati kuti tipeze wolakwa koma tione ngati akufanana. Onse anagwa pa masiku omwe achimwenewa anasiya buku kuti adzawerenge akalowa m'bulangete. Pa masiku ena onse ankawerengera mu teksi. Mankhwala ake sanali kulimba mtima, anali kusiya bukulo m'chikwama cha kuntchito.

Tsiku lopuma ndi chiyani? Si kudzinamiza kumeneko?

Ndi yankho lachitatu, lomwe timalemba ndi kamzere. Tcheni sichikwera, sichiduka, chimangoima pomwe chinali. Ndi la masiku omwe funso silikanatheka kwa munthu aliyense: mwadwala muli gone, muli pamaliro, kapena muli m'basi yopita kumudzi, masiku awiri kapena atatu pamsewu, kudikira pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pa Mwanza.

Kumakhala kudzinamiza ngati mwasankha kamzere mutaona kale kuti tsiku lakuthawani. Ndiye lembani zifukwa zololedwa musanayambe, patsamba loyamba la kope, zitatu kapena zinayi. Kutopa sikukhala pamndandandawo, chifukwa ku Joni kuno wosatopa ndani? Tsiku lotopa ndi ayi, ndipo ayi si mlandu.

Mukaona kuti timizere tikupyola tinayi pa mwezi popanda matenda kapena ulendo, bwererani ku funso la kalembedwe ka funso lija. Mwina chinthucho si cha tsiku ndi tsiku.

Nanga ndikaiwala kuyankha, pomwe chinthucho ndinachita?

Kusayankha si ayi. Siyani malowo opanda kanthu, mudzadzaze m'mawa. Lamulo lathu n'lakuti dzulo ndi dzana mutha kudzaza, kupyola apo ayi, chifukwa mutu umayamba kukongoletsa. Munthu akafunsidwa za Lachiwiri la sabata yatha amakumbukira zomwe amachita kawirikawiri, osati zomwe anachita tsikulo.

Mipata ikachuluka, vuto si chizolowezi koma nthawi ya funso. Ngati alamu imalira 6 koloko muli pamzere wa teksi, foni mwaibisa mkati mwa jekete poopa akuba, simudzayankha. Isunthireni pa nthawi yomwe mumakhala mwakhala pansi.

Ndimagwira ntchito ya ulonda usiku. Tsiku langa limatha liti?

Limatha mukagona, osati 12 koloko usiku. Mlonda wolowa 6 madzulo n'kutuluka 6 m'mawa aziyankha akafika kunyumba asanagone, ndipo yankholo alilembe pa deti lomwe analowera ntchito. Chofunika n'kusasinthasintha. Mapulogalamu ambiri a pafoni amatembenuza tsiku pakati pa usiku, moti munthu wochita chinthu chake 1 koloko amapeza dzulo lili lopanda kanthu pomwe lero ladzaza. Kope lilibe vuto limeneli.

Chinthu changa si cha tsiku lililonse. Tcheni chiyenda bwanji?

Werengani masabata. Ngati mukufuna kuthamanga katatu pa sabata, funso la Lamulungu madzulo likhale, "Kodi sabata ino ndathamanga katatu?" Tcheni cha 6 ndiye kuti masabata asanu ndi limodzi. Omwe ntchito yawo ndi maganyu, lero ku Fourways mawa kulibe, njira imeneyi imawayenera kuposa ya tsiku ndi tsiku, chifukwa sadziwa kuti tsiku lopepuka ligwa liti.

Ndigwiritse ntchito chiyani: kope, foni kapena kompyuta?

Ine ndimakonda kalendala ya pakhoma ndi cholembera chomangirira pa msomali. Siifuna deta, siifuna kutchaja, ndipo munthu sakuberani pa Noord. Chongani pa inde, kadontho kakang'ono pa ayi, kamzere pa kupuma. Musalembe ayi ndi mtanda waukulu wofiira ngati wa aphunzitsi a Sitandade 5. Zikuoneka zachibwana, koma mtanda wofiira pakhoma umakukalipirani m'mawa uliwonse.

Pa foni ya Android, yomwe ndimaidziwa bwino ndi Loop Habit Tracker. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imagwira popanda intaneti. Mumalemba funso lanu m'Chichewa momwe, nthawi ikakwana imakufunsani, inu n'kudina `Yes` kapena `No`. Mukalowa mu `Settings` muyatse `Enable skip days` kuti mukhale ndi tsiku lopuma, ndi `Show question marks for missing data` kuti tsiku lomwe simunayankhe lisiyane ndi la ayi. Palinso `Extend day a few hours past midnight`, yomwe imadikira mpaka 3 koloko m'bandakucha isanatembenuze tsiku. Imathandiza ogona mochedwa monga a m'malesitilanti, koma mlonda wa mpaka 6 m'mawa siimukwanira.

Chomwe ndimaikondera n'chakuti kuwonjezera pa tcheni imawerenga mphamvu ya chizolowezi pa 100, ndipo mphamvuyo siigwa mpaka pa 0 mukajomba kamodzi. Pa chinthu cha tsiku ndi tsiku, amene ali pa 80 akaphonya tsiku limodzi amatsikira pafupifupi pa 76, ndipo pamafunika kujomba masiku 13 otsatizana kuti itsike ndi theka. Popeza zonse zimasungidwa m'foni momwemo, foni ikabedwa zapita, pokhapokha ngati munkatulutsako kope lake n'kusunga kwina.

Amene muli ndi Excel kapena Google Sheets, ikani madeti mu A, mayankho mu B, tcheni mu C. Mu `C2` lembani 0, tsiku loyamba liyambire pa mzere wachitatu, ndipo mu `C3` lembani izi n'kukokera pansi:

```
=IF(B3="inde",C2+1,IF(B3="ayi",0,C2))
```

Inde amawonjezera 1, ayi amabwezera pa 0, china chilichonse, kaya kamzere kaya malo opanda kanthu, chimasiya tcheni pomwe chinali. Ma inde a masiku 30 oyamba muwapeza ndi iyi:

```
=COUNTIF(B3:B32,"inde")
```

Makompyuta ambiri oikidwa pa dziko la South Africa amakana `,` pakati pa zigawo za fomula. Ikakana, sinthani ndi `;`.

Tikufuna kuchita pagulu la banja kapena la kutchalitchi. Tipewe chiyani?

Ndinalakwitsapo ndekha, ndiye ndikunena zomwe ndinaziona. Chaka choyamba ndinkatulutsa mndandanda Lamulungu lililonse, wa tcheni chachitali pamwamba. Omwe anali pamwamba anayamba kunama kuti asatsike, omwe anali pansi anasiya kuyankha, ena anatuluka osatsanzika. Mayi wina anandiuza tikutuluka m'tchalitchi kuti, "Achimwene, kuntchito andikalipire, ndibwere kunyumba foni indikalipirenso?" Mndandanda uja ndinautaya.

Pano timachita chonchi. Woyang'anira amaika voti ya pa WhatsApp ya mayankho atatu, inde, ayi, ndapuma. Munthu akasankha ayi palibe amamufunsa chifukwa. Yankho lokhalo lololedwa ndi "Zikomo, tionana mawa", lomwe ndi lomwelo timapereka kwa wa inde. Wina akayankha ayi kawiri kotsatizana kapena akasowa masiku atatu, mmodzi yekha amamulembera kumbali, osati pagulu, ndipo funso lake limakhala "Kodi funso lija tilichepetse?" osati "Mwatani?" Nambala ya tcheni aliyense amasunga yekha. Kumbukirani kuti pa voti ya WhatsApp aliyense amaona amene wasankha chiyani, ndiye ngati funso la munthu ndi lachinsinsi, gulu lisadziwe kuti funsolo ndi lotani. Inde wake ndi wokwanira.

Mawu a chikumbutso nawonso muwasamale. "Musadule tcheni chanu cha masiku 20!" ndi kuopseza. Funso lokha, lopanda nambala, likukwana.

Kodi njira imeneyi ndingaigwiritse ntchito pa mankhwala a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV?

Funso la inde kapena ayi likuthandizani kukumbukira, ndipo kalendala yochongedwa bwino ndi yabwino kupita nayo ku kiliniki. Koma zomwe ndanena zoti tsiku limodzi siliwoza mbewa ndi za chizolowezi, osati za mankhwala. Pa mankhwala palibe tsiku lopuma, ngakhale pamaliro kapena m'basi ya kumudzi. Mukaphonya lembani ayi moona, ndipo zoti muchite ndi mapiritsi omwe mwaphonya mufunse anamwino, osati gulu. Kusadziimba mlandu kukuthandizani pa chinthu chimodzi apa: kuti musawabisire anamwinowo.

Ndinamva kuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ndikafika pamenepo ndisiye kuwerenga?

Nambala ya 21 inachokera kwa dokotala wa maopaleshoni wa ku America, Maxwell Maltz, amene mu 1960 analemba kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Sankanena za kuthamanga kapena kusunga ndalama, ndipo mawu oti "osachepera" anatayika panjira. M'kafukufuku wa Lally uja, nambala ya pakatikati inali masiku 66, koma wina zinamutengera 18, wina zinaoneka kuti zikanamutengera 254. Zinthu zopepuka monga kumwa madzi zinkakhazikika msanga kuposa zolimbitsa thupi.

Ndiye musadikire nambala. Chizindikiro chake mudzachiona nokha: alamu ikalira mumapeza kuti munachita kalekale osaganizira, ndipo funso layamba kukutopetsani ngati munthu wokufunsani ngati mwatsuka mkamwa. Zikakhala choncho kwa mwezi wathunthu, lisamutsireni ku Lamulungu lokha monga tafotokozera pa funso la masabata, ndipo malo a madzulo mupatse funso latsopano. Libwezereni ku tsiku ndi tsiku mukasamuka nyumba, mukasintha ntchito, kapena mukabwerera kuchokera kumudzi mu Januwale, chifukwa chizolowezi chimagwira pa malo ndi nthawi zomwe chinakuliramo. Achimwene a K53 aja atasiya kukwera teksi n'kuyamba kupita kuntchito pa njinga, kuwerenga kunaima sabata yomweyo, mpaka tinakumangirira pa tiyi wa 10 koloko.